Magalasi a Amake Esnat

A Amosi Mulipa anabwera ku Thyolo ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. Anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, m'dziko la Apwitikizi, pamodzi ndi Alomwe anzawo amene ankathawa msonkho ndi chikoti. Makolo awo anatsala konko ndipo sanaonane nawonso. Pa esiteti imene anafikira, mzungu anawalozera kamalo komangapo nyumba, malipiro ake thangata, ndiye kuti kumugwirira ntchito yaulere. Anayamba ndi kugwetsa mitengo, kenako kukumba maenje a mbande. Tiyi atakula, fakitale itamangidwa, kapitawo wina anaona kuti mnyamatayu ali ndi manja odziwa matabwa, namutengera kushedi ya akalipentala. Kumeneko ndiko anakulira ndi kukalambira, akukhoma mabokosi otumizira tiyi kunja.

Anali munthu wamfupi, wa phewa lalikulu, ndipo nkhope yawo inali yotambalala ngati lichero. Masaya anali otalikirana, mphuno yophwatalala, maso nawonso otayana. Sankalankhula kwambiri. Ankagwira ntchito timisomali tili kukamwa, ndiye anzawo ankati n'chifukwa chake mawu awo ndi owerengeka.

Mkazi wawo, a Lizzie, anali wosiyana nawo pa chilichonse. Anali wamtali, wowonda, wa nkhope yaitali ndi chibwano chosongoka, ndipo pakamwa pawo sipankauma nkhani. Ankagwira m'chipinda chosankhira, momwe amayi ankakhala pansi mozungulira mulu wa tiyi wouma n'kumatola timitengo tofiira ndi zala. Ana anabereka angapo koma anapulumuka mmodzi, Esnat, amene anakwatiwa ku Masambanjati. Choncho pamzere wa nyumba za antchito onse ankawatchula kuti amake Esnat, ndipo iwo ankatchula amuna awo kuti bambo a Esnat.

Maso a a Lizzie ndiwo anayamba kufooka. Timitengo tija tinayamba kusokonekera ndi masamba, ndipo kapitawo wa m'chipindamo anawabwezera mulu wawo kangapo. Kutchalitchi ankagwira buku la nyimbo atatambasula mkono wonse. Tsiku lina mayi mnzawo anawauza kuti kuchipatala cha mishoni kwabwera bokosi la magalasi akale ochokera kunja, amene eni ake anasiya kuvala. Masiku amenewo, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, wantchito wapaesiteti wovala magalasi anali wosowa ngati mvula ya mu Ogasiti. A Amosi anawaperekeza.

Amene ankasunga bokosilo anali a Stafford Namakhwa, dilesa wa pachipatalapo, ndiye kuti wothandiza dokotala kutsuka mabala ndi kugawa mankhwala. Dokotala ndiye ankayeza mphamvu ya galasi yomwe diso likufuna, koma kusankha felemu, kachitsulo kogwira magalasiwo pankhope, ankasiyira a Stafford. Iwowa anali ndi nkhope yozungulira, masaya odzaza, ndipo ankavala magalasi a makona.

Anakhazika a Lizzie pabenchi pafupi ndi windo, natulutsa magalasi amene mphamvu yake inali yolingana ndi imene dokotala ananena. A Lizzie anathamangira ena aang'ono, opyapyala ngati tsamba la bulugamu.

"Awa ndi okongola," anatero.

"Tavalani, mayi, mudzione," anayankha a Stafford, akuwapatsa kalilole.

A Lizzie anadziyang'ana, naseka mpaka kugwira pamimba. "Bambo a Esnat, taonani, chibwano changa chafika pachifuwa."

"Nkhope yaitali siifuna magalasi opyapyala," anatero a Stafford. "Amakhala ngati kamzere kumtunda, pansi ponse n'kutsala poyera, ndiye nkhope imaoneka yaitali koposa. Inu mukufunika akuya, otsika pang'ono kumasaya, kuti ayidule pakati. Ine ndiye zosiyana. Nditavala ozungulira pankhope yozungulira kaleyi, odwala ankandithawa, ati ndikufanana ndi kadzidzi. Ndinapeza mtendere nditavala a makonawa."

Anawaveka ena ozungulira, akuya, a waya woyera wopota kumbuyo kwa makutu. Anasuzumira kuti aone ngati mwana wa diso ali pakati pa galasi, anayendetsa chala pakati pa waya ndi mutu, napinda pang'ono kuseri kwa khutu ndi pulayala. Magalasiwo anakhala ngati anabadwa nawo. A Lizzie anayang'ana chikhatho chawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana amuna awo.

"Kani muli ndi imvi chonchi?"

A Amosi anangomwetulira. Pobwerera, mayiwo anayenda patsogolo khosi lili njo, akuimika aliyense wodziwana naye.

Anawavala zaka zitatu kapena zinayi. Nthawi imeneyo maso a a Amosi nawonso anayamba kufooka. Mutu wa msomali unkaoneka ngati uli m'nkhungu, mzere wa pensulo pathabwa unkasowa. Sanauze munthu, koma mkazi wawo anaona zala zawo zili ndi matuza a magazi kumene hamala inkaphonya.

Chaka china chiperoni chinakhalitsa. Mvula ya mawawa inagwa osalekeza, nkhungu n'kuphimba minda yonse ya tiyi, zovala osauma. A Lizzie anayamba kutsokomola, kenako chinasanduka chibayo. Tsiku lomaliza, dzuwa litatuluka pang'ono, anapempha kuti awatulutsire pakhonde. Anavula magalasi aja, nawaika m'dzanja la amuna awo.

"Ndakhala ndikukuonani," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Maso anu atha, koma simunena. Mudzavale awa. Musadzapatse munthu."

"Mudzavala nokha mukachira."

"Ndanena, bambo a Esnat."

Anamwalira madzulo ake, ndipo anawaika m'manda a antchito kumapeto kwa esiteti, pafupi ndi nsungwi.

Mwa mwambo, mwamuna wofedwa amabwerera kwawo akamasulidwa. A Amosi analibe kwawo kobwerera. Anatsala m'nyumba yomweyo, ndipo maliro atatha anavala magalasi aja n'kupita kushedi.

Poti zaka zawo zinali zosasiyana kwenikweni, mphamvu ya galasi inawathandiza ndithu. Mutu wa msomali unaonekanso. Koma felemuyo inapangidwira mutu wowonda. Kuti ilowe, anachita kukanula timikono take topita kumakutu mpaka polumikizira panalira. Wayayo anakanikiza m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, ndipo poti timikonoto tinali tatifupi, kawaya kopota kaja kanakoka makutu kutsogolo. Kachitsulo kapamphuno kanali kopapatiza, kosafika pansi, kongotsamira pamwamba. Maso awo sanali pakati pa magalasi koma chakumphepete, moti akayang'ana kumbali ankaona mkombero wa waya. Pankhope yaikulu ija, magalasiwo ankaoneka ngati timabatani tiwiri.

Anzawo kushedi sanaseke, chifukwa ankadziwa mwini wake. Koma ana amumsewu ankaseka, ndipo iwo ankangodutsa.

Posakhalitsa mutu unayamba kuwawa tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo. M'mbali mwa mutu munachita mizere yakuya, ndipo kuseri kwa khutu lamanzere kunatuluka chilonda chimene thukuta ndi fumbi la matabwa sizinkalola kuti chipole. Choipa kwambiri chinali chakuti timikono tokanulidwa tija tinkakankhira felemu kutsogolo. Akawerama, magalasi ankatsetsereka pamphuno, iwo n'kumawabweza ndi nkhonya.

Esnat atabwera kudzawaona, anapeza chilondacho chikutuluka mafinya.

"Ababa, tiyeni kumishoni."

"Ndi kachilonda chabe."

"Kachilonda kamene kakununkha? Amayi akadakhalapo bwenzi atakukokani pamkono."

Atamva zimenezo ananyamuka.

A Stafford anawazindikira magalasiwo asanazindikire munthu. Anawavula bwinobwino, nawaika patebulo, natsuka chilonda. Atamanga, anakhala pansi moyang'anana nawo.

"Ndinamva za mayi aja. Pepani kwambiri."

"Zikomo."

"Magalasi awa ndinawasankhira iwo, bambo. Nkhope yawo inali yaitali, yowonda. Yanu ndi yotambalala. Felemu imayenera kufanana m'lifupi ndi nkhope, kuti timikono tipite molunjika kumakutu, tosakanikiza. Taonani apa." Anakweza magalasi aja powala. "Timikono tayang'ana kunja ngati miyendo ya chule. Polumikizira payamba kale kung'aluka. Tsiku lina adzathyoka."

"Simungawakuze ndi pulayala yanu ija?"

"Ndingapinde timikono pang'ono, koma kutsogoloku sikukula. Mtunda wa pakati pa magalasi awiriwa ndi wa maso a mayi aja. Anu ndi otalikirana."

"Nanga mutachotsa magalasi okhawo n'kuwaika pa waya wamkulu?"

A Stafford anapukusa mutu. "Galasi lililonse amalidula molingana ndi felemu yake. Awa ndi aang'ono. Mu felemu yaikulu angogwa."

Anatsegula bokosi lija, nafufuza pansi, natulutsa magalasi a felemu yokhuthala, yofiirira ngati chigoba cha kamba, yotambalala, ya timikono tatitali ndi pamphuno potakasuka.

"Awa akhala muno nthawi yaitali, palibe amene akumukwana. Anali a munthu wa mutu ngati wanu. Dokotala akuyezeni, koma ndikuganiza kuti mphamvu yake siili kutali. Tangoyesani."

A Amosi anayang'ana magalasiwo osawakhudza.

"Ameneyo sindimudziwa," anatero. "Mkazi wanga anandipatsa awa m'manja, anati ndidzavale."

"Ankafuna kuti muziona, bambo."

"Ndikuona."

"Ababa," anatero Esnat, "mukhoza kusunga a amayiwo m'nyumba, n'kumavala enawo kuntchito."

"Sananene kuti ndidzasunge."

A Stafford sanakakamize. Anatenga pulayala, nakhotetsa timikono tija kuti tichoke pang'ono pamutu, nakulunga ulusi kumapeto kuti waya asadyenso khutu. Powabwezera anati, "Izi zithandiza pang'ono pokha. Mukamagwira chitsulo chakuthwa, musamale. Enawa ndiwaika pambali. Tsiku limene mudzafune, mudzawapeza."

Panjira Esnat analira, koma bambo ake anayenda osatembenuka. Atafika pamphambano pomwe ankasiyana, anamuuza kuti, "Ndikawavala m'mawa, ndimamva ngati andigwira kumutu kuno. Kuwawako sindikudandaula nako."

Anapitiriza choncho mpaka nyengo yothyola tiyi wambiri, mvula itagwa, fakitale ikufuna mabokosi ochuluka kuposa mmene manja angakhomere. Kunkatentha m'shedimo pansi pa malata, thukuta lili chuchuchu. A Amosi anamangirira kachingwe kumbuyo kwa mutu kuti magalasi asamatsike, koma chingwecho chinawonjezera kukoka polumikizira paja.

Tsiku limenelo ankasema kamtengo ka pakona ya bokosi. Dzanja lamanzere linagwira kamtengoko, lamanja linkakankha tchizulo chimene anali atangonola. Atawerama, polumikizira pa kumanzere panaduka. Magalasi anapendekeka, galasi limodzi n'kugwera patsaya, ndipo mosaganiza anagwedeza mutu kuti asagwe pansi. Dzanja lamanja linali litayamba kale kukankha. Tchizulo chinaterereka pamtengo n'kulowa m'chikhatho chakumanzere, pansi pa chala chachikulu, mpaka mkati.

Anzawo atathamangira, anawapeza atagwada, magazi akuyenderera m'zipalo za matabwa, iwo akupapasa pansi ndi dzanja labwinolo.

"Musaponde," ankatero. "Musaponde pamenepo."

Galasi limodzi linali litasweka kale pansi pa bondo lawo lomwe.

Anawanyamula pa machira kupita kumishoni. Dokotala anasoka, ndipo anagona m'chipatala mpaka bala linatseka. Koma mtsempha woyendetsa chala unali utaduka. Chala chachikulu chinauma, cholozera nacho chinapindika osawongokanso. Kalipentala amagwira msomali ndi zala ziwiri zimenezo.

A Stafford ndiwo ankawatsuka bala m'mawa uliwonse, ndipo sanatchulepo za magalasi ngakhale kamodzi. Anali a Amosi eniake amene anayamba, tsiku limene ankatuluka. Anali atakhala pakhonde la chipatala, zotsala za magalasi a mkazi wawo zili pakansalu pamiyendo.

"Munandiuza," anatero.

"Ndinakuuzani, koma nanenso ndikadakhala ine, kaya ndikadamva."

"Angalumikizike?"

"Wayayo wosula akhoza kuwotcherera. Galasi loswekalo ndiye palibe."

A Amosi anayang'ana kumapiri. Kenako anakulunga kansalu kaja naika m'thumba.

"Aja munaika pambali aja alipobe?"

Dokotala anawayeza maso, napeza kuti mphamvu ya magalasi a felemu yofiirira ija ikuwayenera. A Stafford anawaveka. Timikono tinapita molunjika, tosakhudza mizere ya m'mbali ija, n'kukapinda pomwe khutu layambira. Pamphuno panakhazikika ponseponse. Mwana wa diso anali pakati, uku ndi uku. M'mbali mwa felemu munathera pomwe nkhope yathera, ndipo nkhopeyo sinaonekenso yaikulu mopambanitsa. A Stafford anawauza kuti awerame ndi kugwedeza mutu. Magalasi sanasunthe.

"Akukanikiza pena?"

"Ayi."

"Mukufuna kalilole?"

"Ayi, zikomo."

Anakweza dzanja lovulala lija pafupi ndi maso, naliyang'anitsitsa. Anaona chilichonse, timabowo ta singano ya dokotala, khungu lokwinyika, chala chosamva. Anayesa kuchipinda, chinakana. Misozi inatsika kuseri kwa magalasi, ndipo a Stafford anapita kukaona wodwala wina kuti awapatse mpata.

Kuesiteti anawalandira, koma osati kushedi. Anawapatsa tsache kuti azisesa pabwalo la fakitale, pomwe ankamva mahamala a anzawo tsiku lonse. Anapirira nyengo imodzi. Mnyamata amene anatenga benchi lawo anali woti anamuphunzitsa okha, ndipo ankawapatsa moni mwaulemu, koma iwo ankayankha atayang'ana pansi. Mvula yotsatira isanagwe, anauzidwa kuti nyumba ikufunika kwa banja la antchito amphamvu. Esnat ndi mwamuna wake anabwera kudzawatenga. Katundu wawo yense anakwana pamitu ya anthu awiri.

Ku Masambanjati kukhala pakhomo pa mkamwini kunawalemera, ngakhale mkamwiniyo anali munthu wofatsa. Anamanga kakhumbi kawo kumbali, pafupi ndi nthochi. Atakhala miyezi ingapo osachita kanthu, anapita kudambo kukadula nsungwi, nayamba kuphunzira kuluka madengu othyolera tiyi. Ankapanikiza nsungwi ndi phazi ndi chikhatho chouma chija, dzanja lamanja n'kumaluka. Madengu oyamba anali opotoka, ndipo anawatentha okha. Patapita nthawi anayamba kutuluka abwino, olimba pansi, moti amayi othyola tiyi ankabwera kuchokera kutali kudzawafuna. Anthu a kumeneko sankadziwa kuti anali kalipentala. Ankangowatchula kuti agogo a magalasi.

Esnat anawafunsa tsiku lina ngati akumvabe mutu.

"Mutu unaleka," anayankha. "Koma awa sindiwamva n'komwe kuti ndavala. Amangokhala."

Ananena ngati munthu wodandaula.

Chaka chilichonse, dzinja likatha, ankayenda wapansi kupita kuesiteti kukalambula manda a mkazi wawo. Ulendo womaliza anapeza nsungwi zija zitadulidwa, mbande za tiyi zitabzalidwa mpaka m'mphepete mwa mitumbira. Mlonda anawalola kulowa chifukwa ankawadziwa. Analambula ndi dzanja limodzi, nakhala pansi mpaka dzuwa litapendeka, kenako anabwerera.

Anamwalira chaka chimene kunamveka za nkhondo yachiwiri ya azungu, atadwala m'mimba masiku ochepa. Anali atapempha kuti akawaike pafupi ndi amake Esnat. Mkamwini wawo anapita kukapempha kuesiteti, koma anauzidwa kuti mandawo anatsekedwa, ndiponso kuti malemuwo sanalinso wantchito wa kumeneko. Choncho anawaika ku Masambanjati, m'manda a abale a mkamwini wawo, pakati pa anthu amene sanawadziwe ali ndi manja onse awiri.